Seva yaikulu, ntchito yochepa: mmene tinatsitsira bilu ya kilaudi

Kwa inu amene simunabwere Loweruka lija, izi ndi zimene ndinalankhula. Ndangokonza pang'ono pomwe ndinkachita chibwibwi.

Ena mukudziwa kuti chilembereni mayeso a Folomu 4 ndakhala ndikuphunzira zamakompyuta, ndipo masiku atatu pa sabata ndimakathandiza pa kampani ina yaing'ono m'tauni muno. Dzina lake sinditchula. Kampaniyi ilibe chipinda cha maseva. Mapulogalamu ake onse amayenda pa makompyuta obwereka ku AWS, nthambi ya Amazon, ndipo kubwereka kotereku ndi kumene anthu amati kilaudi. Makompyutawo sitinawaonepo ndi maso. Athu ali ku America, m'dera limene pa sikirini limalembedwa kuti `us-east-1`. Chimene timachiona ndi bilu, mwezi ndi mwezi, ndipo imabwera m'madola.

Pamadolapo ndi pamene pali nkhani. Bilu yathu inali pafupifupi madola 1,150 pa mwezi. Mukukumbukira kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, dola imodzi inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Werengani nokha: bilu ya madola 1,150 pa mtengo woyambawo ndi K1,357,000, pa wachiwiriwo ndi K1,955,000. Seva ndi zomwezo, ntchito ndi yomweyo, koma ndalama zakwera ndi pafupifupi K600,000. Osanenanso za kuvuta kwa madolawo ku banki. Tsiku lina mayi amene amasunga mabuku a ndalama anabwera ndi pepala m'manja n'kuuza akulu a zamakompyuta kuti, "Bambo, bilu iyi ikapanda kutsika, tiyamba kudula zina." Ine ndinadziwiratu kuti pa zinazo, ka ndalama kanga ka thiransipoti ndi koyamba. Ndiye akuluwo atandifunsa ngati ndingathandize kufufuza, sindinayankhe mozengereza.

Choyamba kumvetsa ndi mmene amalipiritsira. Seva imodzi yobwereka amaitcha insitansi, ndipo gawo la AWS lobwereketsa masevawa ndi EC2. Mumalipira nthawi imene seva yayaka, osati ntchito imene yagwira. Zili ngati kuchita hayala minibasi: kaya mwakweramo anthu 15, kaya mwakweramo awiri, kaya yangoima pa siteji injini ikulira, mwini wake akuwerenga maola basi. Ndipo mwezi amauwerenga ngati maola 730.

Masevawa ali ndi masaizi, ndipo mayina ake amaoneka achilendo koma ndi osavuta. Tengani banja la `m5`. Ya `m5.large` ili ndi mapurosesa awiri ndi memole ya 8 GB, mtengo wake $0.096 pa ola. Ya `m5.xlarge` ili ndi mapurosesa anayi ndi 16 GB, $0.192 pa ola. Ya `m5.2xlarge` ili ndi mapurosesa 8 ndi 32 GB, $0.384 pa ola. Iyi ndi mitengo ya maseva a Linux ku `us-east-1` pamene ndinkawerenga. Ku Cape Town, kumene AWS inatsegula dera lake mu 2020, imakwererapo. Mwaona mmene zikuyendera: sitepe iliyonse, zonse zikuchulukitsidwa kawiri, mtengo womwe. Ndiye mukatsika sitepe imodzi, mwadula theka la ndalama ya sevayo.

Tinayamba ndi kutsegula Cost Explorer, chida chosonyeza kumene ndalama zikupita. Apa ndisachedwepo. Tinangopeza kuti ndalama zambiri zikudyedwa ndi maseva ochepa, ndipo yaikulu kuposa onse inali `m5.2xlarge` imene imayendetsa pulogalamu yomwe makasitomala amagwiritsa ntchito. Yokhayo inkadya madola 280 pa mwezi. Nditafunsa chifukwa chake anasankha yaikulu chonchi, yankho linali loti munthu amene anaikhazikitsa anaopa kuti makasitomala achuluka msanga, ndipo iyeyo anachoka kalekale. Sindikumunena. Kugula nsapato yokulirapo kuti mwana akulire momwemo tonse timachita. Kusiyana kwake n'koti nsapato mumalipira kamodzi, pamene seva mukulipira malo opanda phaziwo ola lililonse.

Kuti mudziwe ngati seva yakulitsa, mumapita ku CloudWatch n'kuyang'ana muyezo wotchedwa `CPUUtilization`. Umasonyeza kuti mapurosesa atanganidwa bwanji, kuyambira 0 mpaka 100 peresenti. Girafu ikangotseguka imakuonetsani `Average`, ndipo yathu inali pa 6 peresenti. Ine mtima unadumpha, ndinati iyi tiitsitse masitepe awiri lero lomwe. Akulu aja anaseka n'kunena kuti, "Mphwanga, mlatho samangira madzi a mu Okutobala." Anasintha pa `Average` paja n'kuika `Maximum`, ndipo girafu inasintha nkhope. M'mawa uliwonse cha m'ma 8 koloko, anthu akamalowa m'maofesi, inkakwera mpaka 22 peresenti. Paja nthawi ya pa girafuyi imayamba ili mu UTC, ndipo ife kuno tili patsogolo ndi maola awiri, ndiye phiri limene mukuliona pa 6 koloko ndi la 8 koloko yathu. Zimenezi zinandisokoneza kwa tsiku lathunthu.

Masamu ake ndi a Folomu 1. Ntchito siisintha, chimene chikusintha ndi kuchuluka kwa mapurosesa oigawana. Pa mapurosesa 8, ntchito ikudzaza 22 peresenti. Mukawachepetsa kukhala anayi, ntchito yomweyo idzaza 44 peresenti. Mukawachepetsa kukhala awiri, 88 peresenti. Pa 44 seva ikupuma bwinobwino, ndipo makasitomala atachuluka pang'ono malo alipo. Pa 88 yatsala pang'ono kubanika, tsiku limodzi lotanganidwa anthu ayamba kudandaula kuti pulogalamu ikuchedwa. Ndiye sitepe imodzi inde, awiri ayi. Pali lamulo la pakamwa limene AWS yomwe imalangiza: ngati pa masabata anayi purosesa ndi memole sizinadutse 40 peresenti ngakhale pa nthawi yotanganidwa kwambiri, mukhoza kudula sevayo pakati.

Mwamva kuti lamulolo likutchula zinthu ziwiri ndi masabata anayi. Ine ndinamva chinthu chimodzi ndi masabata awiri. Apa ndi pamene ndinapsa.

Tisanakhudze seva yaikulu ija, tinagwirizana kuti ndiyesere pa ina yosaopsa. Inali `m5.xlarge` yopanga malipoti, madola 140 pa mwezi. Ndinayang'ana girafu yake ya masiku 14, kuyambira pa 5 mpaka pa 19. Purosesa sinadutse 15 peresenti. Ndinaitsitsa kukhala `m5.large`, ndinayesa lipoti limodzi, linatuluka. Kwa masiku khumi zonse zinali bwino, moti ndinayamba kuyenda modzimva mu ofesi muja.

Pa 30, mayi a mabuku aja anadina batani lopanga malipoti a mwezi wonse, amene amatumizidwa kwa makasitomala kuti alipire. Anadikira. Palibe chinatuluka. Anadinanso, chimodzimodzi. Anandiitana mofatsa, kufatsa koopsa kuja, "Mwanawe, tabwera kuno. Wachita chiyani ndi makina anga?" Ndinathamangira ku CloudWatch, girafu ya purosesa ili pansi, seva ikuoneka yamoyo, palibe chofiira paliponse. Akulu aja ndi amene analowa m'kati mwa seva n'kulemba izi:

```
sudo dmesg -T | grep -i "out of memory"
```

Panatuluka mizere iwiri, umodzi pa kudina kulikonse, yonena kuti Linux yapha pulogalamu ya malipoti chifukwa memole yatha. Lipoti la mwezi wonse limakweza zinthu zambiri nthawi imodzi, pafupifupi 11 GB. Pa seva yakale ya 16 GB zinkakwana. Pa yanga ya 8 GB sizikanatheka.

Ndikufuna mumvetse kusiyana kwa zinthu ziwirizi, chifukwa sizilephera mofanana. Purosesa ikachepa zili ngati mzere wa pa chigayo: anthu achuluka, muchedwa, koma ufa wanu mupita nawo. Memole ikachepa zili ngati thumba: likadzadza limang'ambika. Linux ikaona kuti memole yatheratu, imasankha pulogalamu imodzi, kawirikawiri imene yadya yambiri, n'kuipha pomwepo kuti seva yonse isafe. Siichenjeza munthu. Ndipo chopweteka n'choti CloudWatch payokha siona memole ya m'kati mwa seva. Purosesa, netiweki ndi disiki imaziona ili kunja, koma kuti ione memole muyenera kuikamo kapulogalamu kotchedwa CloudWatch agent, ndipo kakayamba kugwira ntchito mumapeza muyezo watsopano, `mem_used_percent`. Ine ndinali ndisanaike. Ndinaweruza mlandu nditamva mbali imodzi.

Cholakwa chachiwiri chinali masiku 14 aja. Ntchito ya kampani ili ndi nyengo zake. Kwa ife ndi kutha kwa mwezi. Kwa sukulu ingakhale sabata yotsegulira, kwa ogula mbewu ingakhale nthawi yokolola. Girafu imene sinaphatikize tsiku lolemera kwambiri la kampaniyo ikukunamizani, ngakhale manambala ake ndi oona. Muchenjere ndi izi ngakhale pogwiritsa ntchito Compute Optimizer, chida cha AWS chimene chimalemba kuti `Over-provisioned` pa maseva okulitsa. Ndi chothandiza posonyeza poyambira, koma mukapanda kusintha chilichonse nachonso chimayang'ana masiku 14 okha, ndipo memole sichiona ngati kapulogalamu kaja mulibe.

Tsiku limenelo tinabwezera seva pa `m5.xlarge`, malipoti anatuluka mochedwa ndi maola atatu, ine ndinapepesa. Koma nkhani ya sevayi sinathere pomwepo, ndipo apa ndi pamene ndinaphunzira chinthu chimene ndimachikonda kwambiri pa ntchito yonseyi. Sevayi sinkafuna mapurosesa anayi, inkangofuna memole ya 16 GB. Ndiye m'malo motsika saizi m'banja lomwelo, mumasamukira ku banja lina. Banja la `m5` limapereka 4 GB pa purosesa iliyonse. Banja la `r5` limapereka 8 GB pa purosesa iliyonse, linapangidwira ntchito zadyera pa memole. Ya `r5.large` ili ndi mapurosesa awiri ndi 16 GB, pa $0.126 pa ola, kutanthauza madola 92 pa mwezi. Kuchoka pa 140 kufika pa 92, tapulumutsa madola 48. Si 70 imene ndinkalota ija, koma malipoti akutuluka, ndipo miyezi yatha kangapo osamva dzina langa likuitanidwa mofatsa.

Mukafuna kungosuzumira memole mwachangu muli m'kati mwa seva, lembani `free -h`. Koma muwerenge pa `available`, osati pa `free`. Linux imakonda kugwiritsa ntchito memole yongokhala posungira mafayilo amene yawerenga posachedwa, ndipo imaibweza pulogalamu ikaifuna. Ndiye nambala ya pa `free` imaoneka yaing'ono n'kukuopsezani pachabe. Komabe uku n'kungosuzumira kwa mphindi imodzi, sikulowa m'malo mwa girafu ya mwezi.

Tsopano seva yaikulu ija tinaichita mwa dongosolo. Tinaikamo kapulogalamu koyeza memole, tinadikira masabata asanu kuti kutha kwa mwezi kulowemo. Kudikirako kunandiwawa, chifukwa ndinkadziwa kuti tsiku lililonse tikutaya madola oposa anayi. Zotsatira zake: purosesa sinadutse 22 peresenti, memole sinadutse 9 GB pa 32. Pa seva ya 16 GB, 9 GB ndi 56 peresenti, malo alipo. Tinasankha Lamlungu usiku, tinadziwitsa makasitomala kuti pulogalamu izima kwa mphindi khumi, tinajambula kope ya disiki kuti tikhale ndi pothawira, kenako:

```
aws ec2 stop-instances --instance-ids $ID
aws ec2 wait instance-stopped --instance-ids $ID
aws ec2 modify-instance-attribute --instance-id $ID --instance-type Value=m5.xlarge
aws ec2 start-instances --instance-ids $ID
```

Pa `$ID` pamakhala nambala ya seva yanu, ija yoyamba ndi `i-`. Saizi siisinthika seva ili chiyakire, muyenera kuizimitsa kaye, n'chifukwa chake timachita usiku. Musanazimitse mufufuze zinthu ziwiri. Ngati adiresi ya seva ya pa intaneti ndi yongopatsidwa poyatsa, idzasintha mukaiyatsanso, ndipo aliyense amene amaifuna pa adiresi yakaleyo adzaisowa. Adiresi yokhazikika, imene amati Elastic IP, ndi imene siisintha. Chachiwiri, onetsetsani kuti mapulogalamu amadzuka okha seva ikayaka. Pali maseva ena amene akhala chiyakire kwa zaka, ndipo palibe akukumbuka kuti pulogalamu ina anaidzutsa ndi manja. Yathu inadzuka bwino. Lolemba m'mawa ndinafika 7 koloko isanakwane kudzayang'anira girafu, ndipo phiri la 8 koloko linaima pa 45 peresenti, pafupi kwambiri ndi masamu athu. Madola 140 pa mwezi anatsala m'thumba.

Mmodzi wa inu anafunsa Loweruka kuti bwanji osangotenga banja la `t3`, poti ndi lotchipa. Ndi funso labwino. Ya `t3.large` ili ndi mapurosesa awiri ndi 8 GB ngati `m5.large`, koma pa $0.0832. Chinsinsi chake n'choti mphamvu yonse ya purosesa si yanu nthawi zonse. Mwalonjezedwa 30 peresenti, mukamagwira ntchito pansi pa pamenepo mumasunga mayunitsi, mukakwera pamwamba mumawadya. Akatha, pa `t3` mmene imabwerera, seva imapitiriza kuthamanga koma mumalipira ndalama yowonjezera, ndipo bilu ikhoza kuposa ya `m5`. Kwa seva yogona tsiku lonse n'kumadzidzimuka mwa apo ndi apo ndi yabwino. Kwa yogwira ntchito mosalekeza, ayi.

Gawo lachiwiri la ntchitoyi linali kusaka zinthu zongokhala, zimene tikulipira koma palibe akuzigwiritsa ntchito. Kunena zoona, tikanayamba ndi izi, chifukwa ndi zosavuta ndipo siziopsa ngati kusintha saizi.

Yoyamba inali seva yoyeserera, imene opanga mapulogalamu amayesapo zinthu asanazipereke kwa makasitomala. Ndi `m5.xlarge`, madola 140 pa mwezi, yoyaka usana ndi usiku. Koma anthuwo amagwira ntchito Lolemba mpaka Lachisanu, 7 koloko m'mawa mpaka 6 koloko madzulo. Ndi maola 55 pa sabata ya maola 168. Maola ena onsewo inkangoyaka ngati babu la pa khonde loiwalika masana. Tinaika ndandanda yoti iziyaka ndi kuzima yokha. Masiku 22 ogwira ntchito, maola 11 pa tsiku, ndi maola 242, ndipo pa $0.192 ndi madola 46. Tapulumutsa 94 osachepetsa saizi n'komwe. Amene akufuna kugwira ntchito Loweruka amaiyatsa yekha.

Koma mudziwe kuti kuzimitsa seva sikuimitsa bilu yonse. Disiki yake, imene AWS imati EBS, ndi chinthu chapadera ndipo imalipiridwa payokha, kaya seva yayaka kaya yazima. Ya mtundu wa `gp2` ndi $0.10 pa GB iliyonse pa mwezi, ndipo amawerenga kukula kwa disiki, osati zimene mwaikamo. Disiki ya 200 GB yopanda kanthu ndi madola 20 pa mwezi. Ngakhale mufute seva n'kuichotseratu, disiki yoyambira ndi imene kawirikawiri imapita nayo limodzi. Zina zimene munazilumikiza pambuyo pake zimatsala ngati ana amasiye, zikudyabe. Kuzipeza kwake ndi uku:

```
aws ec2 describe-volumes --filters Name=status,Values=available \
  --query "Volumes[].[VolumeId,Size,CreateTime]" --output table
```

Liwu loti `available` apa likutanthauza kuti disikiyo sinalumikizidwe ku seva iliyonse. Ulendo woyamba ndinapeza zinayi, n'kuganiza kuti ndamaliza. Koma manambala sankagwirizana ndi bilu. Vuto linali loti lamuloli, ngakhalenso sikirini ya EC2, limakuonetsani dera limodzi lokha limene mwasankha. Nditauza Cost Explorer kuti igawe bilu potengera `Region`, panatulukira ndalama zina ku `eu-west-1`, ku Ireland, kumene palibe aliyense mu ofesi ankadziwa kuti tili ndi katundu. Wina anakayeserako zinthu kale, maseva anafuta, madisiki atatu anatsala. Onse pamodzi anali 7, okwana 900 GB, madola 90 mwezi uliwonse.

Apa musathamange. Seva mukaichepetsa molakwa mumaibwezera, monga ndinachitira pa 30 paja. Disiki mukaifuta yapita, palibe kwa a mfumu kokadandaula. Ndiye pa disiki iliyonse tinayamba tajambula kope, imene amati sinapushoti. Iyi ndi $0.05 pa GB, ndipo imawerenga malo okhawo amene munalembapo zinthu, ndiye makope onse 7 anatidyera madola khumi okha. Tinalemba mndandanda, tinautumiza kwa onse mu ofesi kuti amene akudziwa disiki yake anene, tinadikira sabata, kenako tinafuta madisikiwo. Makope tinawasunga masiku 30 n'kuwafutanso. Mukaiwala kufuta makopewo mwangosintha mtundu wa zinyalala.

Chomaliza chinali maadiresi okhazikika aja. Iliyonse ndi $0.005 pa ola, madola 3.65 pa mwezi, ndipo kuyambira pa 1 Febuluwale 2024 AWS imalipiritsa adiresi iliyonse ya IPv4 yoonekera pa intaneti, kaya ikugwira ntchito kaya ayi. Osalumikizidwa mumawapeza chonchi:

```
aws ec2 describe-addresses --query "Addresses[?AssociationId==null].PublicIp"
```

Tinapeza anayi. Ndalama yake ndi yochepa, koma ndikuitchula chifukwa cha zimene zinatsala pang'ono kuchitika. Chala changa chinali kale pa `Release` pamene akulu aja anati ndidikire, afufuze kaye m'makalata akale. Zinapezeka kuti imodzi mwa maadiresiwo inalembetsedwa ku kampani ina imene timalandirira ndalama za makasitomala. Makina a kumeneko amangolankhula ndi maadiresi amene ali pa mndandanda wawo, ndipo iyi inali yosungira, yoti seva yeniyeni ikafa tiziika pa seva ina. Mukabweza adiresi ku AWS ikhoza kupatsidwa kwa munthu wina, ndipo kulembetsa yatsopano ndi nkhani ya makalata ndi kudikira. Tikanapulumutsa madola osakwana anayi n'kudzagwa m'mavuto tsiku la ngozi. Tinabweza atatu, pafupifupi madola 11, inayo tinaisiya.

Pamenepa ndi pamene ndinazindikira kuti girafu imangokuuzani kuti chinthu chili phee, sikuuzani kuti n'chosafunika. Mlonda amakhala phee usiku wonse. Seva imene purosesa yake ili pa 1 peresenti ikhoza kukhala imene imasunga makope a deta yonse 2 koloko usiku. Ndiye musanaiweruze onaninso `NetworkIn` ndi `NetworkOut` ngati pali amene akulankhula nayo, lowani m'kati muone ndi `crontab -l` ngati ili ndi ntchito za nthawi yoikika, ndipo mufunse anthu. Zonse zikalephera, izimitseni osaifuta, mudikire mwezi wathunthu muone ngati wina akuwa. Akakuwa mumaiyatsa m'mphindi ziwiri, ndipo mwini wake mwamudziwa.

Tikaphatikiza: 140 pa seva yaikulu, 48 pa ya malipoti, 94 pa yoyeserera, 90 pa madisiki, 11 pa maadiresi. Ndi madola 383 pa mwezi. Bilu inachoka pa 1,150 kufika cha m'ma 770, gawo limodzi mwa magawo atatu lapita, ndipo palibe kasitomala amene anaona kusintha kupatula maola atatu anga aja. Zinatitengera miyezi yoposa iwiri, ndipo nthawi yambiri inali yongodikira magirafu.

Pali chinthu chimodzi chimene tinachita bwino pochedwa nacho. Poyamba penipeni wina anati tingogula Savings Plans, mgwirizano umene mumalonjeza AWS kuti muzilipira ndalama yakutiyakuti pa ola kwa chaka chimodzi kapena zitatu, iwo n'kukutsitsirani mtengo. Ndi wabwino, koma lonjezolo mumalipira ngakhale musagwiritse ntchito. Tikanasaina tisanachepetse maseva, bwenzi titadzimangirira chaka chonse pa saizi yolakwika. Muyambe mwachepetsa, muone bilu yakhazikika pati, kenako mulonjeze.

Panopa chilichonse chimene chikukhazikitsidwa mu akaunti yathu chimayenera kukhala ndi matagi awiri, `Owner` ndi `Purpose`, dzina la mwini wake ndi ntchito yake, kuti wodzabwera pambuyo panga asadzavutike kufunsa ofesi yonse. Adiresi yosungira ija ndi imene inayamba kulandira tagi. Ndipo Lolemba loyamba la mwezi uliwonse ndimayendetsa malamulo awiri osakira aja m'madera onse. Mwezi wathawu ndinapezanso disiki imodzi ya 50 GB yongokhala. Nditayang'ana pa `Owner`, panali dzina langa.

Amene mukufuna kuona magirafuwa ndi maso, Loweruka likubwerali ndibwera ndi laputopu. Wina abweretse bandulo, yanga yatha.